Nyumba ya 7 pa tchati cha kubadwa ndi funso la munthu amene timakopana naye

Anthu ambiri amene amawerenga za kupenda nyenyezi amayambira ndi kuthera pa chizindikiro cha dzuwa, chija chimene munthu amachidziwa pongoyang'ana tsiku ndi mwezi umene anabadwa. Koma wopenda nyenyezi wodziwa ntchito yake akafunsidwa za banja sayambira pamenepo, amayang'ana kaye kumanja kwa tchati, pamene pamalembedwa DSC kapena DC, ndipo malo amenewa amatchedwa disendanti. Chiphunzitso chake chinachokera kwa Agiriki a ku Iguputo zaka pafupifupi 2000 zapitazo, chinadzera mwa Aluya ndi Azungu, ndipo si mbali ya nzeru za makolo athu zokhudza mwezi ndi nyenyezi. Ine sindikhulupirira kuti malo a mapulaneti amasankhira munthu mwamuna kapena mkazi, komabe ndimaona kuti njira yowerengera nyumba ya 7, gawo la tchati limene limayambira pa disendanti, ndi yoyenera kuidziwa bwinobwino, chifukwa munthu akaidziwa amaona yekha pamene yalimba ndi pamene yagwedera.

Tchati cha kubadwa ndi chithunzi cha thambo monga linalili pa mphindi imene mwana anabadwa, poyang'anira pamalo pamene anabadwirapo. Njira imene dzuwa limaoneka ngati likuyendamo chaka chonse imagawidwa m'zizindikiro 12, chilichonse cha madigiri 30, ndipo pa nthawi ina iliyonse digiri imodzi ya njira imeneyi imakhala ikutuluka kum'mawa pamene ina ikulowa kumadzulo. Yotulukayo ndiyo asendanti, yolowayo ndiyo disendanti, ndipo ziwirizi zimatalikirana madigiri 180 nthawi zonse. Choncho munthu wa asendanti ya Aries disendanti yake ndi Libra, wa Taurus yake ndi Scorpio, wa Cancer yake ndi Capricorn, mpaka kuzungulira. Apa pali mfundo imene olemba nkhani zachidule amakonda kuilumpha, yakuti disendanti payokha siuza munthu chinthu chatsopano chimene asendanti sinanene kale, popeza wodziwa imodzi wadziwa zonse ziwiri. Munthu amene wakuuzani kuti mudzakopa anthu a mtundu wa Capricorn chifukwa asendanti yanu ndi Cancer wangotembenuza tchati, ntchito yeniyeni sanaiyambe.

Tanthauzo lake linamangidwa pa kuyang'anizana kumeneku. Tchati chimagawidwanso m'magawo 12 otchedwa nyumba, ndipo nyumba iliyonse imaimira mbali ina ya moyo. Nyumba yoyamba, imene imayambira pa asendanti, imaimira mwini wake wa tchaticho, thupi lake ndi mmene amaonekera pamaso pa anthu. Nyumba ya 7, imene imayambira pa disendanti, imaimira munthu wina aliyense amene waima moyang'anizana naye maso ndi maso. William Lilly, wopenda nyenyezi wa ku London amene anasindikiza buku lake lalikulu mu 1647, anaika m'nyumba imeneyi mkazi kapena mwamuna wa munthu, chibwenzi, mnzake wochita naye malonda, wotsutsana naye pamlandu, mdani woonekera, wakuba amene waba katundu, ngakhalenso dokotala pa funso lokhudza wodwala. Kuika wokondedwa ndi mdani m'chipinda chimodzi kumadabwitsa anthu poyamba, koma ankhoswe amene anakhalapo pamilandu ya mabanja sangadabwe nazo kwenikweni. Chimene chimalumikiza onsewa si chikondi ayi, koma kuti munthuyo ndi wofanana nawe mphamvu ndipo zochita zake zimakukhudza mwachindunji. N'chifukwa chake zibwenzi zongosangalatsana ndiponso ana zimaikidwa m'nyumba ya 5, pamene ya 7 ndi ya mgwirizano umene uli ndi pangano.

Si akale onse amene ankadalira nyumbayi. Ptolemy wa ku Alexandria, m'zaka za m'ma 100, polemba za ukwati anati pa tchati cha mwamuna tiyang'ane Mwezi ndipo pa tchati cha mkazi tiyang'ane Dzuwa, kenako tione pulaneti imene yalumikizana nazo. Mwezi ukamayandikira Saturn, iye ankati mkaziyo adzakhala wakhama koma wouma mtima, ukamayandikira Mars adzakhala wolimba mtima ndi wosamvera, ndipo ukamayandikira Mercury adzakhala wanzeru ndi wochenjera. Akale ankaneneratu za munthu weniweni amene adzabwere. Maganizo akuti timakopa anthu a mtundu winawake chifukwa cha mmene ifeyo tilili mkati ndi a m'zaka za m'ma 1900, pamene openda nyenyezi monga Liz Greene anabwereka chiphunzitso cha Carl Jung, katswiri wa za maganizo a anthu, chakuti munthu amaona mwa ena makhalidwe amene iye mwini ali nawo koma sawavomereza. Malinga ndi iwo, disendanti ndi mbali ya khalidwe lathu imene tinaikana, ndiye timakaifunafuna mwa anthu ena, kuikonda poyamba, kenako n'kuyamba kudana nayo.

Kawerengedwe kathunthu kamayamba ndi chizindikiro chimene chili pa disendanti, chimene chimangopereka maonekedwe apamwamba. Kenako amaona mapulaneti amene ali mkati mwa nyumba ya 7, ndipo imene ili pafupi kwambiri ndi disendanti ndiyo imapatsidwa mawu aakulu. Koma chofunika kuposa zonsezi ndi pulaneti imene imalamulira chizindikiro cha pa disendanti, imene amaitcha mwini nyumba. Chizindikiro chilichonse chili ndi mwini wake: Mars ndi wa Aries ndi Scorpio, Venus ndi wa Taurus ndi Libra, Mercury ndi wa Gemini ndi Virgo, Jupiter ndi wa Sagittarius ndi Pisces, Saturn ndi wa Capricorn ndi Aquarius, Mwezi ndi wa Cancer, pamene Dzuwa ndi la Leo. Zili ngati nyumba ya lendi, imene okhalamo amaoneka tsiku ndi tsiku koma kukonza denga kumadalira ngati mwini wake, kulikonse kumene akukhala, ali ndi ndalama kapena ali pa umphawi. Ndiye chifukwa chake nyumba ya 7 yopanda pulaneti iliyonse sitanthauza kuti munthu sadzakhala pabanja, ngakhale kuti ambiri amachita mantha akaiona ili mbee. Akale ankagwiritsa ntchito zounikira 7 zokha, Dzuwa, Mwezi ndi mapulaneti 5, pa nyumba 12, kotero kuti tchati chilichonse chinkakhala ndi nyumba zosachepera 5 zopanda kanthu.

Tiyeni titenge chitsanzo cha munthu wongopeka, koma wobadwa pansi pa thambo lenileni. Timutche Nabanda, ndipo tinene kuti anabadwira ku Lilongwe pa 15 Januwale 1990, nthawi ya 5:30 madzulo. Pa nthawi imeneyo digiri ya 14 ya Cancer inali ikutuluka kum'mawa, choncho disendanti yake ili pa digiri ya 14 ya Capricorn. Saturn anali pa digiri ya 17 ya Capricorn, Dzuwa pa digiri ya 25 ya chizindikiro chomwecho, Venus anali koyambirira kwenikweni kwa Aquarius akuoneka ngati akubwerera m'mbuyo, ndipo Mwezi unali pafupi ndi digiri ya 19 ya Virgo.

Wopenda nyenyezi angayambe ndi Capricorn pa disendanti, n'kunena kuti Nabanda, amene amaonekera kwa anthu ngati munthu wachifundo, wosamala ena ndi wosachedwa kukhumudwa monga amanenera za Cancer, amakopeka ndi amuna odekha, osalankhulalankhula, oika ntchito ndi udindo patsogolo. Kenako angaone kuti Saturn ali madigiri 3 okha pamwamba pa disendanti, ndiye kuti ali mkati mwa nyumba ya 7, komanso iye yemweyo ndiye mwini nyumbayo, atakhala m'chizindikiro chake chomwe. Kwa akale uku ndi kulimba kwakukulu, ndipo angati mwamunayo ndi munthu wokhazikika, mwina wamkulu msinkhu kuposa Nabanda kapena wokhwima maganizo kuposa zaka zake, wosunga pangano, koma wovuta kuonetsa chikondi ndi pakamwa. Saturn amagwirizanitsidwanso ndi kuchedwa, choncho angawonjezere kuti banja lenileni lingabwere pambuyo pa zaka 29, pamene Saturn amamaliza ulendo wake wozungulira dzuwa n'kubwerera pamalo pamene anali tsiku lobadwa. Saturn yemweyu akanakhala mu Aries, mmene amati ndi wofooka, makhalidwe omwewo akanawerengedwa moipa: kuuma mtima m'malo mwa kudekha, kuumira m'malo mwa kusamala.

Chotsatira ndi kuona ngati mwini nyumba yoyamba akugwirizana ndi mwini nyumba ya 7, pakuti awiriwa amaimira Nabanda ndi mwamuna wake. Mwini wa Cancer ndi Mwezi, ndipo kuchokera pa digiri ya 19 ya Virgo kufika pa digiri ya 17 ya Capricorn pali madigiri 118, pafupi kwambiri ndi 120, mtunda umene openda nyenyezi amauona ngati wa kumvana kosavuta. Akanatalikirana madigiri 90 akanati ndi banja la kukokanakokana. Dzuwa m'nyumba ya 7 limawerengedwa kuti munthuyo amadzidziwa bwino kudzera mwa mnzake, ndipo otsatira Jung angachenjeze Nabanda kuti asamasiyire mwamuna zosankha zonse zovuta kenako n'kumamudandaula kuti ndi wolamula. Iwo angati kulimba kumene akukufuna mwa mwamunayo ndi kwake komwe, kungoti sanakuzolowere. Mpaka pano nkhani yake ikumveka yogwirizana bwino, ndipo ndikuvomereza kuti ili ndi kukoma kwake.

Vuto limayamba tikafunsa kuti 5:30 ija inachokera kuti. Dziko limazungulira madigiri 360 pa maola pafupifupi 24, kutanthauza kuti disendanti imasuntha pafupifupi digiri imodzi pa mphindi 4 zilizonse. Nabanda akanabadwa 5:45, mphindi 15 zokha pambuyo pake, disendanti ikanakhala itafika pa Saturn ndi kumupitirira pang'ono, ndipo pofika 6 koloko ikanakhala pa digiri ya 21, Saturn atalowa pansi n'kukhala m'nyumba ya 6, imene imanena za ntchito zolemetsa ndi matenda. Openda nyenyezi ambiri amalola kuti pulaneti imene yatsala madigiri osapitirira 5 kuti ifike pakhomo la nyumba iwerengedwe ngati ili mkati, ndipo lamulo limeneli lingamusunge Saturn kwa mphindi zochepa chabe. Dzuwa linalowa cha m'ma 6:20 tsiku limenelo. Pofika 6:35 asendanti inalowa mu Leo ndipo disendanti mu Aquarius, Venus atakhala pakhomo penipeni pa nyumba ya 7. Mwamuna wodekha ndi wouma pakamwa uja wasanduka munthu wansangala, wokongola, wokonda ufulu wake, ndipo popeza Venus akubwerera m'mbuyo ena angawonjezere kuti ndi chibwenzi chakale chimene chidzabwerere. Mwini nyumba yoyamba salinso Mwezi koma Dzuwa, ndiye kumvana kwa madigiri 120 kuja sikukugwiranso ntchito. Zonsezi zachitika m'kati mwa ola limodzi ndi mphindi 5.

Apa m'pamene nkhaniyi imatikhudza ife mwapadera. Ambiri a ife tikafunsa amayi kapena agogo za nthawi imene tinabadwa timayankhidwa kuti kunali chakumadzulo ng'ombe zikubwerera kukhola, kapena kuti kunali m'bandakucha atambala atalira kale, ndipo yankho lotere limatambalala ola limodzi kapena awiri. Ngakhale nthawi yolembedwa kuchipatala nthawi zambiri imakhala yongoyandikira, chifukwa mzamba amayamba wasamalira mayi ndi mwana asanayang'ane wotchi. Mapulogalamu ojambula matchati salabadira zimenezi, amalandira nthawi iliyonse imene mwalemba n'kukupatsani madigiri ooneka ngati otsimikizika, ndipo ena mukasiya malowo opanda kanthu amaika 12:00 okha. Njira yodziyesera ndi yosavuta: jambulani tchati kawiri, pa nthawi yoyambirira imene mukuganizira ndi pa nthawi yomalizira, ndipo ngati chizindikiro cha pa DSC chasintha, ndiye kuti palibe chimene munganene za nyumba ya 7, ngakhale potsatira malamulo a openda nyenyezi eni ake. Muonetsetsenso kuti pulogalamuyo yaika nthawi ya kwathu molondola, maola 2 patsogolo pa ya Greenwich chaka chonse, pakuti kulakwitsa apa kumasuntha disendanti ndi chizindikiro chathunthu.

Malo obadwira nawonso amasintha liwiro la kusunthaku. Ku Lilongwe, pafupifupi madigiri 14 kum'mwera kwa ikweta, chizindikiro chimatenga pakati pa ola limodzi ndi mphindi 40 ndi maola 2 ndi mphindi 12 kuti chituluke chonse, kotero kusiyana kwake si kwakukulu. Ku London Aries ndi Pisces zimatuluka m'mphindi zosakwana 55 chilichonse, pamene Leo ndi Virgo zimatenga pafupifupi maola 3. Mwana wobadwira ku Britain amene asendanti yake ili mu Aries amafunika nthawi yolondola kwambiri kuposa msuweni wake wobadwira kumudzi.

Tiyerekeze tsopano kuti 5:30 ija ndi yolondola ndithu. Tchati cha Nabanda chimasinthabe malinga ndi njira yogawira nyumba. Njira ya Placidus, imene mapulogalamu ambiri amayambira, imayamba nyumba ya 7 pa digiri yeniyeni ya disendanti, ndipo mkati mwake mumapezeka Saturn, Dzuwa ndi Venus. Njira yakale kwambiri, imene pamakina imalembedwa Whole Sign, imatenga chizindikiro chonse cha Capricorn kukhala nyumba ya 7, kuyambira digiri yoyamba mpaka yomaliza. Potero Venus, amene ali mu Aquarius, amatuluka n'kupita m'nyumba ya 8, pamene Mercury, Uranus ndi Neptune, amene onse anali mu Capricorn pansi pa disendanti, amalowa. Mwamuna wa Nabanda walandidwa kukoma mtima kwa Venus n'kupatsidwa kusakhazikika kwa Uranus ndi kusamvetsetseka kwa Neptune, popanda chilichonse kusuntha kumwamba.

Openda nyenyezi a ku India, amene amaiona nyumba ya 7 ngati nkhani yaikulu pokonza maukwati, angasinthe zambiri kuposa apa. Iwo amawerenga zizindikiro potsatira malo enieni a nyenyezi, osati nyengo za chaka monga amachitira Azungu, ndipo njira ziwirizi zasiyana ndi madigiri pafupifupi 24. Tikachotsa madigiri amenewa, asendanti ya Nabanda imabwerera pa digiri ya 20 ya Gemini ndipo disendanti pa digiri ya 20 ya Sagittarius. Saturn amakhalabe m'nyumba ya 7, koma tsopano ndi mlendo, mwini nyumba ndi Jupiter, amene pa tsikulo amapezeka mu Gemini, m'nyumba yoyamba, akuyang'anizana ndi nyumba yake. Apa angati mwamunayo ndi wophunzira, wopembedza, wowolowa manja, mwina wochokera kutali. Thambo ndi limodzi, mphindi ndi yomweyo, koma amuna atatu osiyana atulukamo, ndipo gulu lililonse limanena kuti njira yake ndiyo imene yakhala ikulondola pa anthu amene linawaona.

Umboni woyesedwa suthandiza gulu lililonse. Mu 1985 magazini ya sayansi ya Nature inasindikiza kafukufuku wa Shawn Carlson, mmene openda nyenyezi anapatsidwa tchati chathunthu cha munthu ndi mafotokozedwe atatu a khalidwe kuti asankhe lolondola, ndipo analondola pafupifupi kamodzi pa katatu, monga mmene munthu wongolota akanachitira. Mu 2007 David Voas wa ku yunivesite ya Manchester anaunika mabanja pafupifupi 10 miliyoni a m'kalembera wa 2001 ku England ndi Wales, ndipo sanapeze kuti anthu a zizindikiro zinazake amakwatirana kuposa ena. Chilungamo chake n'chakuti Voas anayesa zizindikiro za dzuwa zokha, chifukwa kalembera safunsa nthawi yobadwa, choncho wokhulupirira disendanti angati kafukufukuyo sanamukhudze. Koma ayenera kuvomerezanso kuti udindo wopereka umboni uli m'manja mwake, ndipo kunena kuti makasitomala ake amavomereza zimene amawauza si umboni. Bertram Forer, katswiri wa za maganizo a anthu, anaonetsa zimenezi mu 1948 pamene anapatsa ophunzira ake onse mafotokozedwe ofanana a khalidwe, aliyense akuganiza kuti ndi akeake, ndipo ophunzirawo anawapatsa mamalikisi opitirira 4 pa 5 kuti ndi olondola.

Kawerengedwe ka otsatira Jung kali ndi vuto lina lapadera, lakuti sikangapezeke kolakwa. Nabanda akakwatiwa ndi mwamuna wodekha ndi wosunga ndalama, amati Saturn waoneka. Akakwatiwa ndi wosakaza ndi wosasamala, amati Nabanda wasenza yekha udindo wa Saturn m'banjamo. Akapanda kukwatiwa, amati Saturn wachedwetsa kapena wakaniza. Chiphunzitso chimene chimapambana pa zotsatira zonse zitatu sichinaneneretu kalikonse, ndipo pamenepa akale aja, ngakhale ankalakwa, anali olimba mtima kuposa amakono chifukwa ankanena zinthu zimene nthawi ikanatha kuzitsutsa.

Chimene chimatsala, ndipo sindichipeputsa, ndi funso limene nyumbayi imakakamiza munthu kudzifunsa. Zimachitikadi kuti munthu amagwa m'zibwenzi zofanana mobwerezabwereza, ndipo zifukwa zake zimapezeka m'banja limene anakuliramo, m'malo amene amakumanirana ndi anthu, m'zimene amalekerera pa miyezi yoyamba, ndiponso m'ntchito zimene iye safuna kuzigwira yekha, monga kukana, kusunga ndalama kapena kuyamba kulankhula pakabuka mkangano. Munthu amene wauzidwa kuti ali ndi Saturn m'nyumba ya 7 n'kuyamba kuganizira chifukwa chimene amasiyira ena zosankha zovuta wapindula, koma akanapindula chimodzimodzi ngakhale tchaticho chikanajambulidwa pa nthawi yolakwika. Choopsa chimabwera tchati chikasanduka chiweruzo. Ku India anthu amene Mars ali m'nyumba yawo ya 7, kapena m'nyumba zina zingapo zowerengedwa limodzi nayo, amatchedwa amangaliki, ndipo mabanja ena amawakana ukwati pa chifukwa chimenecho chokha, ngakhale kuti nyumba zimenezo n'zochuluka moti lamulolo limagwira anthu pafupifupi theka. Kumayiko a Azungu Mars yemweyo m'nyumba yomweyo amawerengedwa kuti munthuyo amakopa anthu aukali, ndipo mawu otere akagwera m'khutu la mkazi amene akumenyedwa angamuchititse kuganiza kuti nkhanzazo anabadwa nazo, pamene zimene tchaticho chalemba n'zakuti Mars anali chakumadzulo pa ola limene mzamba anakumbukira kulemba.